Kuwerenga masiku ogwira ntchito pakati pa madeti awiri, kuchotsapo masiku atchuthi: mafunso ndi mayankho

Kodi ndi fomula iti imene imawerenga masiku antchito okhaokha?

Mu Excel, Google Sheets ndi LibreOffice Calc muli fomula yotchedwa NETWORKDAYS. Imafuna zinthu zitatu: deti loyambira, deti lothera, ndi mabokosi amene mwalembamo masiku atchuthi. Imayenda tsiku ndi tsiku pakati pa madeti awiriwo, n'kudumpha Loweruka ndi Lamlungu lililonse, n'kudumphanso tsiku lililonse limene lili pa mndandanda wanu wa tchuthi.

Patsamba lonseli tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi. Mu bokosi A2 muli Lolemba pa 15 Disembala 2025, ndipo mu B2 muli Lachisanu pa 9 Januwale 2026. Masiku atchuthi ali m'mabokosi asanu, kuyambira E2 mpaka E6, motsatizana chonchi: 25 Disembala 2025, 26 Disembala 2025, 27 Disembala 2025, 1 Januwale 2026 ndi 2 Febuluwale 2026. Mu C2 lembani:

```
=NETWORKDAYS(A2,B2,$E$2:$E$6)
```

Yankho lake ndi 17. Ngati pulogalamu ikukana fomulayi mutangodina Enter, mwina kompyuta yanu inachunidwa kuti izilekanitsa mbali za fomula ndi chizindikiro cha `;` osati `,`. Sinthani zizindikirozo, zina zonse zikhale mmene zilili.

Masiku atchuthi ndi asanu, bwanji yachotsa atatu okha?

Tiyeni tiwerenge pamanja kuti muone mmene 17 wabwerera. Kuchokera pa 15 mpaka pa 31 Disembala pali masiku 17, kuphatikiza 9 a mu Januwale, onse pamodzi 26. Pa masiku amenewa, asanu ndi limodzi ndi a kumapeto kwa sabata: pa 20, 21, 27 ndi 28 Disembala, komanso pa 3 ndi 4 Januwale. Otsala ndi 20.

Tsopano onani mndandanda wa tchuthi uja. Pa 25 Disembala ndi Lachinayi, pa 26 ndi Lachisanu, ndipo pa 1 Januwale ndi Lachinayi. Atatuwa akanakhala masiku antchito, choncho akuchotsedwa ndipo patsala 17. Pa 27 Disembala ndi Loweruka, limene lachotsedwa kale poyamba paja, ndiye fomula silichotsa kachiwiri. Pa 2 Febuluwale ndi kunja kwa madeti awiri aja, ndipo silikhudza chilichonse.

Apa ndi pamene NETWORKDAYS imaposa kuwerenga kwachidule. Munthu amene wangotenga 20 n'kuchotsa masiku onse asanu a pa mndandanda amapeza 15, ndipo amakhala wataya masiku awiri osadziwa. Ngakhale mutalemba deti limodzi kawiri pa mndandanda, fomula imalichotsa kamodzi kokha. N'chifukwa chake palibe vuto kulemba masiku atchuthi a chaka chonse kapena a zaka zingapo pamalo amodzi: fomula imatengapo okhawo ogwera pa tsiku lantchito mkati mwa madeti anu.

Kodi pulogalamuyi sidziwa yokha masiku atchuthi?

Ayi, sidziwa ngakhale limodzi. Imangodziwa kuti deti lakuti ndi tsiku lanji la sabata, basi. Tchuthi chilichonse chimene simunachilembe imachitenga ngati tsiku lantchito, ndipo sichenjeza. Zolakwika zambiri pa nkhaniyi zimachokera pa mndandanda, osati pa fomula.

Pali zinthu zitatu zoti muzikumbukira polemba mndandandawo. Choyamba, deti lililonse lili ndi chaka chake. Tchuthi cha pa 25 Disembala 2025 sichikhudza pa 25 Disembala 2026, ndiye ngati madeti anu akuwolokera chaka china, masiku atchuthi a zaka zonse ziwiri akhalepo. Chachiwiri, ngati kumene muliko tchuthi chogwera kumapeto kwa sabata chimasunthidwira pa Lolemba, lembani deti la Lolembalo, chifukwa ndi tsiku limene anthu sapita kuntchito. Chachitatu, bokosi limodzi limanyamula tsiku limodzi. Ofesi ikatseka kuyambira pa 29 mpaka pa 31 Disembala, lembani mabokosi atatu: 29, 30 ndi 31. Mukangolemba tsiku loyamba ndi lomaliza, la pakati liwerengedwa ngati lantchito.

Ndadziwa bwanji kuti masiku atchuthi achotsedwadi?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa ena onse pano, chifukwa nambala yolakwika imaoneka ndendende ngati yolondola. Munthu akaona 18 pamene panayenera kukhala 17 sangakayikire. Njira yachangu ndi kuwerenga kawiri, kamodzi popanda mndandanda ndi kamodzi ndi mndandanda, n'kuona kusiyana kwake:

```
=NETWORKDAYS(A2,B2)-NETWORKDAYS(A2,B2,$E$2:$E$6)
```

Pa chitsanzo chathu, iyi ikupereka 3, kutanthauza kuti masiku atchuthi atatu ndi amene achotsedwa. Yang'anani pa kalendala muone ngati atatu ndi amene mumayembekezera. Ikatuluka 2 kapena 0, chilipo chalakwika pa mndandanda, ndipo mafunso awiri otsatirawa akuthandizani kuchipeza. Timalimbikitsa kuti fomula yoyeserayi muzisiya pambali pa yankho lanu mpaka mutatsimikiza kuti zonse zili bwino, makamaka ngati nambalayo ikukhudza malipiro a munthu kapena masiku ake opuma.

Mzere woyamba uli bwino, koma nditakopera fomula kupita m'munsi manambala akukwera. Chikuchitika n'chiyani?

Mwaiwala zizindikiro za `$`. Mukakopera fomula kupita mzere wotsatira, pulogalamu imasuntha maadiresi onse ndi mzere umodzi. Kwa A2 ndi B2 zimenezi n'zabwino, chifukwa mukufuna kuti akhale A3 ndi B3. Koma mndandanda wa tchuthi nawonso umasuntha ngati simunaumange.

Tiyerekeze kuti munalemba `E2:E6` popanda `$`, ndipo mizere yonse ili ndi madeti ofanana aja. Mzere wachiwiri upereka 17. Mzere wachitatu ukuwerenga `E3:E7`, tsiku la 25 Disembala latsala kumwamba, ndipo yankho ndi 18. Mzere wachinayi ukuwerenga `E4:E8`, la 26 nalo latsala, yankho 19. Mzere wachisanu ukhalabe pa 19, popeza chimene chatsala ndi Loweruka lija. Pofika mzere wachisanu ndi chimodzi, tchuthi cha 1 Januwale chatuluka ndipo yankho ndi 20, ngati kuti kunalibe tchuthi n'komwe. Palibe uthenga uliwonse wa vuto umene ungaoneke, chifukwa mabokosi opanda kanthu a m'munsimo fomula imangowadutsa.

Kuti muone ngati izi ndi zimene zachitika, dinani kawiri pa fomula ya mzere womaliza. Pulogalamu izunguliza ndi mtundu mabokosi amene ikuwerenga, ndipo muona mpandawo utatsetsereka pansi pa mndandanda. Konzani fomula yoyamba kuti ikhale `$E$2:$E$6`, kenako koperaninso. Mu Excel, kudina F4 cholozera chili pa adiresi kumaika zizindikirozo.

Njira yokhalitsa ndi kupatsa mndandandawo dzina. Sankhani mabokosiwo, lembani dzina monga Tchuthi mu kabokosi ka Name Box kamene kali kumanzere kwa malo olembapo fomula, n'kudina Enter. Kuyambira pamenepo fomula ikhala yosavuta kuwerenga, ndipo dzina silisuntha pokopera:

```
=NETWORKDAYS(A2,B2,Tchuthi)
```

Pali vuto lina lofanana ndi limeneli. Mukawonjezera deti lachisanu ndi chimodzi mu E7, fomula yomwe imathera pa `$E$6` silionanso. Mungathe kuyamba ndi malo okulirapo, monga `$E$2:$E$40`, popeza mabokosi opanda kanthu savulaza.

Deti lili pa mndandanda, ndikuliona ndi maso anga, koma silikuchotsedwa. Nanga nthawi zina ndikupeza #VALUE!

Chimene mukuona pa bokosi si nthawi zonse chimene chili mkati mwake. Pulogalamu imasunga deti ngati nambala wamba: mu Excel pa 1 Januwale 1900 ndi 1, ndipo pa 25 Disembala 2025 ndi 46016. Fomula imayerekeza manambala amenewa. Deti likalowa ngati mawu, kapena likalowa ngati nambala ya tsiku lina, kuyerekezako kumalephera.

Yambani ndi chaka. Mukalemba 1/1 osaika chaka, pulogalamu imaika chaka chimene kompyuta ikusonyeza pa nthawiyo. Munthu amene akukonza mndandanda mu Disembala 2025 amakhala walemba 1 Januwale 2025 pamene amafuna 2026, ndipo bokosi nthawi zambiri limangoonetsa tsiku ndi mwezi. Pa chitsanzo chathu yankho likhala 18.

Kenako onani ngati tsiku ndi mwezi sizinasinthane. Kompyuta imene inachunidwa kuti iziyamba ndi mwezi ikalandira 09/01/2026 imawerenga 1 Sepitembala, osati 9 Januwale. Ikalandira 25/12/2025 imalephera kupeza mwezi wa 25, ndiye imasiya zolembazo ngati mawu. Choncho pa mndandanda umodzi womwewo, madeti amene tsiku lake ndi 12 kapena kutsika amatembenuka mwakachetechete, pamene opitirira 12 amakhala mawu. Izi zimachitika kwambiri pa madeti okopedwa kuchokera mu kalata, pa intaneti kapena mu fayilo ya CSV.

Mawu amadziwika msanga: ngati simunasinthe kaimidwe ka zolemba, deti lenileni limatsamira kumanja kwa bokosi, pamene mawu amatsamira kumanzere. Kuti mutsimikize, yerekezani manambala awiri awa:

```
=COUNT(E2:E6)
=COUNTA(E2:E6)
```

Yoyamba imawerenga mabokosi okhala ndi manambala okha, yachiwiri imawerenga onse amene muli kanthu. Zonse ziwiri zipereke 5. Yoyamba ikapereka 4, deti limodzi ndi mawu, ndipo `=ISNUMBER(E2)` mukaikopera pambali pa mndandanda ikusonyezani bokosi lake ndi FALSE. Kungosintha maonekedwe a bokosi kukhala Date sikuchiritsa mawu. Lilembeninso detilo, kapena gwiritsani ntchito `=DATE(2025,12,25)`, imene imatenga chaka, mwezi ndi tsiku motsatizana choncho pa kompyuta iliyonse.

Uthenga wa `#VALUE!` umabwera mu Excel ikapeza pa mndandanda chinthu chimene singachitenge ngati deti. Kawirikawiri ndi mutu wa mndandanda, pamene mwasankha kuyambira E1 pomwe pali mawu akuti Tchuthi, kapena mayina a masikuwo ngati mwasankha ndi mzere woyandikana nawo. Bokosi limene munadinamo mpata umodzi limaoneka lopanda kanthu koma nalo lingathe kuyambitsa vutoli. Kunena zoona, `#VALUE!` ndi vuto labwinoko, chifukwa limadzionetsa lokha.

Chizolowezi chimodzi chimathetsa zambiri mwa zimenezi: perekani madeti onse maonekedwe awa kudzera pa Format Cells, Custom:

```
ddd dd mmm yyyy
```

Bokosi lililonse lionetsa tsiku la sabata, tsiku la mwezi, dzina la mwezi ndi chaka, moti chaka cholakwika kapena mwezi wotembenuka sizingabisalenso.

Kodi tsiku loyamba ndi lomaliza nawo amawerengedwa?

Inde, onse awiri, ngati ali masiku antchito. Kuchokera Lolemba mpaka Lachisanu la sabata lomwelo ndi 5, ndipo madeti awiri akakhala tsiku limodzi lomwelo lantchito yankho ndi 1. Powerenga masiku amene munthu wagwira ntchito kapena wapuma, zimenezi ndi zimene zimafunika.

Koma pali funso lina: kalata yafika tsiku lakuti, yayankhidwa patapita masiku angati antchito? Pamenepa tsiku lofika siliwerengedwa, ndipo ambiri amangowonjezera `-1` kumapeto kwa fomula. Njirayi imagwira pokhapokha tsiku loyamba likhale lantchito. Kalata ikafika Lolemba pa 22 Disembala 2025 n'kuyankhidwa Lachitatu pa 24, fomula ipereka 3, kuchotsa 1 kutsala 2, zomwe n'zoona. Ikafika Loweruka pa 20 n'kuyankhidwa pa 24 pomwepo, fomula ipereka 3 chifukwa Lowerukalo sinaliwerenge n'kale. Mukachotsanso 1 mupeza 2, pamene masiku antchito amene adutsa ndi atatu: pa 22, 23 ndi 24.

Chotsani tsiku loyamba pokhapokha ngati linawerengedwa:

```
=NETWORKDAYS(A2,B2,Tchuthi)-NETWORKDAYS(A2,A2,Tchuthi)
```

Mbali yachiwiriyo imapereka 1 tsiku loyamba likakhala lantchito, ndi 0 likakhala la kumapeto kwa sabata kapena latchuthi. Ena amalemba `A2+1` ngati deti loyambira, ndipo nthawi zambiri zimayenda, koma kalata ikayankhidwa tsiku lomwelo deti loyambira limapitirira lothera ndipo pamatuluka nambala yotsika pansi pa 0.

Kwathu timagwira ntchito Loweruka. Nditani?

Gwiritsani ntchito NETWORKDAYS.INTL, imene inayamba ndi Excel 2010 ndipo ilinso mu Google Sheets ndi LibreOffice Calc. Ili ndi malo ena owonjezera onenera masiku opuma a sabata, ndipo malowo ndi achitatu. Mndandanda wa tchuthi umasunthira pa malo achinayi. Samalani pamenepa, chifukwa anthu ambiri amangowonjezera `.INTL` pa fomula yakale n'kusiya mndandanda pa malo achitatu, pomwe pulogalamu ikuyembekezera masiku opuma.

```
=NETWORKDAYS.INTL(A2,B2,11,$E$2:$E$6)
```

Nambala 11 ikutanthauza kuti tsiku lopuma ndi Lamlungu lokha. Nambala 1 ndi Loweruka ndi Lamlungu, 7 ndi Lachisanu ndi Loweruka, 17 ndi Loweruka lokha. Pa chitsanzo chathu, masiku 26 kuchotsa Malamlungu atatu ndi 23. Tsopano pa 27 Disembala pasanduka tsiku lantchito limene lagwera pa tchuthi, ndiye masiku ochotsedwa ndi anayi, ndipo yankho ndi 19.

M'malo moloweza manambalawa, mungathe kulemba sabata yonse ndi zizindikiro zisanu ndi ziwiri, kuyambira Lolemba kukathera Lamlungu. Tsiku lopuma ndi 1, lantchito ndi 0. Munthu amene amapuma Lachitatu ndi Lamlungu amalembedwa chonchi:

```
=NETWORKDAYS.INTL(A2,B2,"0010001",$E$2:$E$6)
```

Pakati pa madeti athu pali Lachitatu kanayi ndi Lamlungu katatu, kutsala 19, kuchotsa tchuthi chinayi, yankho 15. Zizindikiro za `"` zikhalepo, chifukwa popanda izo ziro ziwiri zoyambirira zimagwa ndipo sabata imasokonezeka.

Yankho latuluka ngati deti la mu 1900, kapena nambala yaikulu yoyamba ndi `-`

Mukaona 17/01/1900, yankho ndi lolondola koma bokosi lavala maonekedwe a deti: 17 uja akuonetsedwa ngati tsiku la 17 kuchokera poyambira kalendala ya Excel. Sinthani maonekedwe kukhala General kapena Number.

Nambala yoyamba ndi `-` imasonyeza kuti deti loyambira lapitirira lothera. Mukasinthanitsa A2 ndi B2 mupeza -17. Koma ikakhala yaikulu kupitirira 32,000, ndiye kuti B2 mulibe kanthu. Bokosi lopanda kanthu limatengedwa ngati 0, ndipo fomula ikuwerenga chobwerera m'mbuyo zaka zoposa 120. Mzere umodzi wotere umawononga chiwonkhetso chonse cha pansi pa tsamba. Itetezeni kuti iziwerenga pokhapokha madeti onse awiri alipo:

```
=IF(COUNT(A2:B2)=2,NETWORKDAYS(A2,B2,Tchuthi),"")
```

Nanga masiku amene timaweruka masana?

NETWORKDAYS imadziwa masiku athunthu okha. Ngakhale deti litakhala ndi nthawi, monga 2 koloko masana, nthawiyo imatayidwa. Masiku a theka alembeni pa mndandanda wawo, tinene mu G2 ndi G3 muli 24 ndi 31 Disembala 2025, kenako chotsani theka pa lililonse logwera mkati mwa madeti anu:

```
=NETWORKDAYS(A2,B2,Tchuthi)-0.5*COUNTIFS($G$2:$G$3,">="&A2,$G$2:$G$3,"<="&B2)
```

Yankho ndi 16. Dziwani kuti COUNTIFS ilibe nzeru zodumpha kumapeto kwa sabata kapena deti lobwerezedwa. Pa mndandanda wa theka muzilembapo masiku antchito enieni okha, kamodzikamodzi, ndipo asakhalenso pa mndandanda wa tchuthi.

Ndikudziwa chiwerengero cha masiku, ndikufuna deti limene ntchito ithere

Imeneyo ndi ntchito ya WORKDAY, yomwe imagwiritsa ntchito mndandanda womwewo:

```
=WORKDAY(A2,10,$E$2:$E$6)
```

Kusiyana kwake ndi NETWORKDAYS n'kwakuti tsiku loyambira siliwerengedwa. Kuchokera pa 15 Disembala, imayamba kuwerenga pa 16: masiku anayi mpaka pa 19, atatu kuyambira pa 22 mpaka pa 24, kenako imadumpha pa 25 mpaka pa 28, n'kumaliza ndi 29, 30 ndi 31. Yankho ndi Lachitatu pa 31 Disembala 2025, ndipo ngati bokosi likuonetsa 46022, lipatseni maonekedwe a deti. Mukayesa NETWORKDAYS kuchokera pa 15 mpaka pa 31 mupeza 11 osati 10, chifukwa iyo imawerenga ndi pa 15 pomwe. Ngati pa 15 ndi tsiku loyamba la ntchitoyo ndipo mukufuna liwerengedwe, lembani `A2-1` m'malo mwa `A2`, ndipo tsiku lakhumi likhala Lachiwiri pa 30 Disembala.